MTENGO WOYAMBIRA PA MSIKA WONENERERA: PHUNZIRO LOCHOKERA PA BELO LA KAUNJIKA

Mawu amene mlangizi wa zamalonda wa ku khonsolo anayankhula kwa amalonda ang'onoang'ono ndi anthu okhala m'wodi, pa msonkhano umene unachitikira pa bwalo la msika.

Pa msika wonenerera, wogula akafunsa kuti "Ndi zingati?" yankho loyamba la wogulitsa limayala malire a zokambirana zonse. Mtengo ukatchulidwa sungakwerenso. Njira yake imakhala yotsika yokha. Choncho wogulitsa amene wayambira pansi wadzitsekera yekha khomo la phindu, ndipo amene wayambira pamwamba mopyola muyeso wathamangitsa wogula asananene n'komwe ndalama zimene ali nazo. Nkhani ya lero ndi ya kapezedwe ka mtengo wa pakati pa ngozi ziwirizi. Chitsanzo chake chatengedwa pa malonda a kaunjika, chifukwa ndi malonda amene kunenerera kumachitika pa chovala chilichonse, komanso ndi amene ambiri amalowamo ndi ndalama zangongole. Ndalama zimene zitchulidwe pano ndi zachitsanzo chabe, pakuti mitengo ya mabelo imasintha kawirikawiri. Chofunika kusunga ndi kawerengedwe kake.

Mtengo woyambira sayamba nawo

Cholakwa cha amalonda ambiri ndi chakuti amaganiza za mtengo woyambira asanadziwe mtengo umene katunduyo wawadyera. Dongosolo loyenera limayambira pansi kupita m'mwamba. Poyamba wogulitsa apeze mtengo wa mpamba, umene ndi ndalama zonse zimene chovala chimodzi chamudyera kufikira chafika m'manja mwa wogula. Kachiwiri asankhe mtengo wolinga, umene ndi mtengo umene akufuna kuti zokambirana zikathere. Kachitatu akhazikitse mtengo womaliza, umene sangatsike kuposa pamenepo ngakhale wogula atachonderera chotani. Mtengo woyambira umabwera pomaliza penipeni, chifukwa umawerengedwa kuchokera pa itatu inayi.

Tiyerekeze mayi wina amene wakapikula belo la madiresi la makilogalamu 45 mu mzinda pa mtengo wa K360,000. Atalimasula wapezamo madiresi 150. Mayiyu akagawa K360,000 ndi 150 apeza K2,400, ndipo mumtima mwake aganiza kuti diresi lililonse limene wagulitsa pa K3,000 lamupatsa phindu. Kuwerengera kotereku ndi kumene kumadya mipamba ya anthu mwakachetechete, chifukwa kwasiya kunja zinthu ziwiri zikuluzikulu.

Choyamba chimene chasiyidwa ndi ndalama zina zimene belolo ladya. Ulendo wopita ndi kubwera ku mzinda, pamodzi ndi kulipirira belo m'galimoto, watenga K24,000. Belolo litha m'masiku anayi a msika, ndipo tsiku lililonse mayiyu amalipira chiphaso cha msika, kabaza wonyamula katundu, malo osungira ndi chakudya chamasana, zonse pamodzi K6,000. Masiku anayi ndi K24,000. Sopo, makala a m'simbi ndi telala wosoka mong'ambika atenga K12,000. Komanso pa ndalama zogulira belo, K200,000 anabwereka ku banki m'khonde, kumene gulu lake linagwirizana chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi, kutanthauza K40,000. Zonsezi zikaphatikizidwa ndi mtengo wa belo, ndalama zimene mayiyu ayenera kubweza asanaone phindu la tambala imodzi ndi K460,000.

Chachiwiri chimene chasiyidwa ndi chakuti si zovala zonse za m'belo zimene zimagulika. Mwa madiresi 150 aja, tiyerekeze kuti 25 ndi othimbirira, ong'ambika kwambiri kapena osokedwa mwa mtundu umene anthu akuno savala. Otsala ogulika ndi 125. Tsono K460,000 ikagawidwa ndi 125, diresi limodzi lamudyera K3,680, osati K2,400 ija. Diresi logulitsidwa pa K3,000, limene mayiyu ankaliyesa la phindu, lamuluzitsa ndithu, ngati madiresi onse awerengedwa mofanana.

Madiresi a m'belo limodzi si ofanana

Komabe madiresi a m'belo safanana, ndipo kuwapatsa mpamba wofanana ndi kulakwitsanso. Wamalonda wozolowera akamasula belo amasankhula zovala m'magulu. Kwa mayi wathu uja, gulu loyamba ndi la madiresi 25 ooneka ngati atsopano, oyenera kupachikidwa pa mahang'ala. Gulu lachiwiri ndi la madiresi 60 abwino koma ovalidwapo. Gulu lachitatu ndi la madiresi 40 a pa mulu, amene anthu amagula kuti azivala pakhomo kapena kumunda.

K460,000 ija iyenera kugawidwa molingana ndi mphamvu ya gulu lililonse pa msika. Diresi la gulu loyamba lisenze K8,000, ndipo 25 asenza K200,000. Diresi la gulu lachiwiri lisenze K3,000, ndipo 60 asenza K180,000. Diresi la pa mulu lisenze K2,000, ndipo 40 asenza K80,000. Zitatuzi pamodzi zikukwana K460,000. Uwu ndiwo mtengo wa mpamba wa gulu lililonse.

Apa pakuonekera chinsinsi cha malonda a kaunjika: madiresi 25 okha ndi amene asenza pafupifupi theka la belo lonse. Ndi madiresi omwewo amene anthu ogula kuti akagulitsenso amathamangira belo likangomasulidwa m'mawa. Iwo amadziwa mtengo wake weniweni, ndipo amanenerera mwaluso, nagula ambiri nthawi imodzi. Mayi amene m'mutu mwake muli K2,400 kapena K3,680 akauzidwa kuti apatsidwa K7,000 pa diresi lililonse amaona ngati mwayi wamugwera. Alandira K175,000 dzuwa lisanakwere, nakondwa. Koma madiresi amenewo anasenza K200,000 ya mpamba, ndiye kuti waluza K25,000 pa gulu limene linayenera kumubweretsera phindu lalikulu, ndipo madiresi a pa mulu alibe mphamvu yokwirira dzenje limenelo.

Mtengo wolinga ndi mtengo womaliza

Mpamba ukadziwika, wogulitsa asankhe phindu limene akufuna pa belo lonse. Tiyerekeze kuti mayiyu akufuna K25 pa K100 iliyonse imene walowetsa. Pa gulu loyamba mtengo wolinga ukhala K10,000, pa lachiwiri K3,750, pa lachitatu K2,500. Akagulitsa onse pa mitengo imeneyi apeza K575,000, ndipo akachotsa K460,000 atsala ndi K115,000. Ameneyu ndiye malipiro ake a mwezi umenewo, ndipo ndi pa ndalama zimenezi pamene pachokere chakudya cha pakhomo ndi zofunika za ana ku sukulu.

Mtengo wolinga suyenera kungochokera pa chifuniro cha mtima. Wogulitsa ayende mumsika aone mitengo imene madiresi ofanana ndi ake akugulidwira, osati imene anzake akutchula poyamba, koma imene ogula akulipiradi. Ngati madiresi a gulu loyamba akuthera pa K8,500 ponseponse, vuto silili pa kanenedwe ka mtengo ayi, koma belolo linagulidwa modula kapena linali lofooka, ndipo luso la pakamwa silingathe kukonza zimenezo.

Mtengo womaliza ukhale pakati pa mpamba ndi mtengo wolinga. Pa diresi la gulu loyamba, K9,000 ndi malo oyenera: phindu latsika ndi theka koma likadalipo. Mtengo umenewu ulembedwe m'kabuku usiku, wogulitsa ali yekha ndipo mutu uli wozizira. Ukasiyidwa kuti ukaganiziridwe pa msika, pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo wogula waonetsa ndalama m'manja, umatsika wokha popanda womutsitsa. Ndipo mtengo womaliza ndi chinsinsi cha wogulitsa. Sautchula pokhapokha wafikadi pamenepo.

Kawerengedwe ka mtengo woyambira

Tsopano funso ndi lakuti: diresi limene wogulitsa akufuna kuti lithere pa K10,000 aliyambire pa zingati? Yankho lili pa chizolowezi cha ogula a pa msika umenewo, ndipo pali njira ziwiri zowerengera.

Njira yoyamba ndi yoona gawo limene ogula amakonda kudula pa mtengo wotchulidwa. Tiyerekeze kuti pa msika wina malonda ambiri amathera pamene mtengo watsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Wogulitsa wosachenjera amawonjezera gawo limodzi mwa asanu pa K10,000, napeza K12,000. Koma wogula samadula pa K10,000, amadula pa K12,000, ndipo gawo limodzi mwa asanu la K12,000 ndi K2,400. Malonda athera pa K9,600, ndipo pa madiresi 25 wogulitsa wataya K10,000 osazindikira. Kawerengedwe kolondola ndi kakuti K10,000 ikhale magawo anayi otsala. Gawo limodzi ndi K2,500, ndipo magawo asanu ndi K12,500. Umenewo ndiwo mtengo umene ukadulidwa gawo limodzi mwa asanu utsikira pa K10,000 ndendende.

Njira yachiwiri ndi yoona mtengo umene wogula amayamba nawo. Kawirikawiri zokambirana zimathera pafupi ndi pakati pa mawu oyamba a wogulitsa ndi mawu oyamba a wogula. Ngati pa diresi lotere ogula ambiri amayamba ndi K7,000, ndiye kuti ali pansi pa mtengo wolinga ndi K3,000. Wogulitsa nayenso ayambire pamwamba pake ndi K3,000 yomweyo, ndiye kuti K13,000. Njira ziwirizi zapereka mayankho oyandikana, K12,500 ndi K13,000, ndipo mayi wathu uja angathe kusankha K13,000 kuti akhale ndi kampata kochulukirapo.

Pa gulu lachiwiri mpata ukhale wochepa, chifukwa ogula amadziwa bwino mitengo ya zovala zoterezi ndipo zimapezeka pa benchi lililonse. Kuyambira pa K4,500 kapena K5,000 n'kuthera pa K4,000 kapena K3,800 n'kokwanira. Pa gulu lachitatu kunenerera kulibe phindu. Mphindi khumi zokanganirana K200 pa diresi la pa mulu zingathe kutayitsa wogula diresi la K10,000 amene waima kudikira. Mulu uikidwe mtengo umodzi wolengezedwa mokweza, ndipo aliyense asankhe yekha.

Katsikidwe

Mtengo woyambira wabwino ungaonongeke ndi katsikidwe koipa. Wogulitsa amene wayambira pa K13,000 n'kudumphira pa K10,000 wogula atangodandaula kamodzi wauza wogulayo kuti mtengo woyamba unali wongopeka, ndipo wogula ayamba kunenerera mwatsopano kuchokera pa K10,000. Chimodzimodzinso amene amatsika ndi K1,000 nthawi iliyonse waphunzitsa wogula kuti dandaulo lililonse limagula K1,000, ndipo wogula sasiya kudandaula.

Masitepe otsikira azichepa. Kuchoka pa K13,000 wogulitsa atsikire pa K11,500, kenaka K10,500, kenaka K10,000. Watsika ndi K1,500, ndiye K1,000, ndiye K500. Wogula amene akumva masitepe akuchepa chotere amadziwa yekha kuti pansi payandikira, popanda wogulitsa kulumbira. Ndipo sitepe iliyonse ibwere wogula atakwezako naye. Wogula akakhala pa K7,000 osasuntha, wogulitsa asatsike kawiri motsatizana, pakuti akatero akunenerera yekha katundu wake. Mawu aulemu akuti, "Mayi, onjezeraniko pang'ono kuti tikumane," amabweza mpira kwa wogula popanda kumukhumudwitsa.

Pali msampha wina umene umamveka ngati chilungamo, ndiwo wakuti, "Tingogawana pakati." Pakati pamadalira pamene aliyense waima pa nthawi imeneyo. Wogulitsa akakhala pa K11,500 ndipo wogula pa K8,500, pakati ndi K10,000, ndipo n'koyenera kuvomera. Koma wogulitsa akakhala atatsika kale kufika pa K10,500 pamene wogula wangokwera kufika pa K7,500, pakati ndi K9,000, umene ndi mtengo womaliza weniweni. Ndiye asanavomere awerengere kaye mumtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Basela nayenso ndi kutsitsa mtengo, ngakhale ndalama sizichoka m'thumba. Kupereka diresi la pa mulu ngati basela kwa munthu wogula diresi la K10,000 ndi kumutsitsira K2,000 ya mpamba, ndiye kuti phindu lonse la pa diresi limenelo lapita. Basela wosapweteka achokere mwa madiresi 25 aja amene sanawerengedwe, makamaka amene telala wawakonzako. Wogula akalipira kudzera pa foni, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndalama yotapira nayo iwerengedwe asanagwirizane mtengo, osati pambuyo pake.

Zizindikiro zakuti mtengo woyambira walakwika

Msika umauza wogulitsa ngati walakwitsa, bola akhale womvetsera. Mtengo ukakhala wokwera mopyola, ogula amabweza diresi pa hang'ala n'kuchoka osatchula mtengo wawo. Munthu amene akuona kuti ndalama zake zili kutali kwambiri ndi mtengo wotchulidwa amachita manyazi kunenerera, ndipo amene akudziwa mitengo amaona kuti akufuna kupusitsidwa. Diresi la K10,000 likayambira pa K20,000, ogula ambiri a m'mudzi sayankha n'komwe. Kukhala chete kumeneku ndi koopsa kuposa kunenerera kwaukali, chifukwa wonenerera akadali wogula, pamene wochoka mwakachetechete wapita kwa mnzake wa benchi loyandikana.

Mtengo ukakhala wotsika mopyola, ogula amalipira msanga osanenerera, ndipo madiresi a pa mahang'ala amatha nthawi ya m'mawa isanathe, makamaka m'manja mwa ogula kuti akagulitsenso. Wogulitsa wotere amabwerera kunyumba msanga ali wosangalala, koma tsiku lokapikula belo lina amapeza kuti ndalama sizikukwana.

Njira yodziwira bwino ndi kabuku. Pa tsiku limodzi la msika wogulitsa alembe anthu khumi oyamba kufunsa mtengo wa gulu loyamba: angati anachoka osayankha, angati ananenerera, anayamba ndi zingati, ndipo malonda anathera pati. Ngati ambiri anachoka osayankha, mtengo woyambira utsitsidwe. Ngati ambiri analipira pa sitepe yoyamba, ukwezedwe. Ngati ambiri ananenerera ndipo malonda anathera pafupi ndi K10,000, mtengowo uli pamalo pake. Kabuku komweko kadzamuuza mtengo umene ogula amayamba nawo, umene ndi maziko a njira yachiwiri ija.

Nyengo ndi mphamvu ya ndalama

Mtengo woyambira sukhala umodzi chaka chonse. Miyezi yokolola, anthu atagulitsa fodya, soya, mtedza kapena nandolo, ogula amakhala ndi ndalama ndipo sadula kwambiri. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chachepa m'nkhokwe, mtengo wokwera umangothamangitsa anthu, ndipo n'kwanzeru kuchepetsa mpata wa pakati pa mtengo woyambira ndi wolinga. Majuzi ndi mabulangete amakhala ndi mphamvu mu Juni ndi Julaye, koma pofika Okutobala asanduka katundu wongogona. Ndiponso pa tsiku lachinayi la msika, diresi la gulu loyamba limene anthu aliona katatu osaligula silili la gulu loyamba. Ndi pamenepo pamene mtengo womaliza wa K9,000 umagwira ntchito yake, chifukwa tsiku lachisanu la msika lidyanso K6,000 ina, ndipo mwezi ukapyola chiwongoladzanja chiwonjezereka.

Chomaliza ndi mphamvu ya ndalama. Zovala za kaunjika zimachokera kunja kwa dziko lino, choncho mtengo wa belo umatsata mphamvu ya kwacha. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa nthawi zoterezi wogulitsa amene amawerengera mpamba pa mtengo wa belo limene anagula kale amakagwa pa sitolo yopikulira. Tiyerekeze kuti belo limene mayi uja anagula pa K360,000 lakwera kufika pa K420,000 iye asanamalize kugulitsa. Pa K115,000 imene ankaiyesa phindu, K60,000 iyenera kupita ku belo latsopano, ndipo phindu lenileni ndi K55,000 yokha. Pa mtengo watsopanowu ndalama zonse zofunika ndi K520,000, ndipo diresi la gulu loyamba lasenza zoposa K9,000 pang'ono. Ndiye kuti mtengo womaliza wa K9,000, umene dzulo unali ndi phindu, lero uli pansi pa mpamba. Wamalonda wanzeru amafunsa mtengo wa belo kwa omupikulitsa tsiku la msika lisanafike, ndipo ukakwera amakonzanso mitengo yake yonse inayi.

Olemekezeka a Khansala, mafumu, amayi ndi abambo, kawerengedwe kameneka si ka kaunjika kokha. Wogulitsa mbuzi, mphasa, nsapato kapena njinga pa msika uno angathe kukatsata, bola adziwe ndalama zonse zimene katundu wamudyera ndi chizolowezi cha ogula ake. Ntchito yake ndi ya usiku umodzi ndi kabuku kamodzi: gulu lililonse la katundu likhale ndi mzere wake, ndipo pa mzere uliwonse palembedwe mpamba, mtengo womaliza, mtengo wolinga ndi mtengo woyambira. Amene ali m'magulu a banki m'khonde angachite bwino kuonetsana timabuku timeneti asanatenge ngongole ya belo, chifukwa ndalama zimene zimatayika pa mtengo wolakwika ndi za gulu lonse.